Mwana wapezeka ndi piritsi losadziwika: pa chithunzi pazioneka chiyani?

"Ndimakhala ku Chinamwali. Ndikapita kuntchito, mwana wanga wa zaka 2 amatsala ndi mng'ono wanga komanso agogo ake. Mwezi watha anamupeza ali ndi piritsi loyera m'kamwa. Mng'ono wanga analijambula n'kunditumizira pa foni, koma nditaonetsa kuchipatala anati chithunzicho sichikuwathandiza. Mwana ali bwino, koma mtima wanga sunakhale pansi. Zitachitikanso, pa chithunzipo pazioneka chiyani kuti achipatala athandizike?" Mayi wa ku Chinamwali

Mayi, mng'ono wanuyo anachita bwino kulichotsa piritsilo m'kamwa mwa mwana n'kuganiza zolijambula. Chimene chinavuta n'chakuti mapiritsi oyera alipo ambirimbiri, ndipo ife ogwira ntchito ya mankhwala tikaona kadontho koyera pachikhatho sitingathe kunena ngati ndi panado, mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu. Mtundu pawokha sutiuza zambiri. Zimene zimatithandiza ndi zilembo za papiritsipo, kukula kwake, mmene laphwanyikira, ndipo koposa zonsezi, kajumbo kapena botolo limene lachokeramo.

Ndisanafike pa kajambulidwe, pali zizindikiro zimene mukaziona foni muisiye kaye. Mwana akakhala kuti akuodzera modabwitsa, akuvutika kupuma, wafooka osatha kuima, akusanza mobwerezabwereza, akutuluka thukuta lozizira kapena wakomoka, nyamukani nthawi yomweyo kupita ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena chimene muli nacho pafupi. Piritsi ndi paketi yake muponye m'thumba, zojambula azichita wina m'njira. Ngakhale mwana akusewera bwinobwino, kujambula kusakudyereni mphindi zoposa ziwiri kapena zitatu, ndipo chithunzi chisalowe m'malo mwa ulendo wa kuchipatala. Chimangothandiza kuti amene akulandireni ayambire patsogolo.

Tsopano za piritsi lenilenilo. Mapiritsi ambiri amakhala ndi zilembo kapena manambala odindidwa, ndipo mbali ziwirizo sizifanana. Mbali ina pangakhale mzera wodulira pakati, mbali inayo chilembo kapena nambala. Choncho zithunzi zikhale ziwiri, cha kumaso ndi cha kumbuyo, ndipo ngati nthawi ilipo muwonjezere chachitatu cha m'mbali choonetsa ngati piritsi ndi lafulati kapena lotukuka pakati. Zilembo zimenezi ndi zokumbika pang'ono chabe, nthawi zambiri zilibe inki, ndiye zimaoneka pokhapokha kuwala kukachokera chammbali n'kupanga kamthunzi m'makumbimo. Mukayatsa kuwala kwa kamera, piritsi loyera limangoti mbee, zilembo zonse n'kusowa. Tulukani nalo pakhonde kapena pawindo. Ngati ndi usiku, wina aunikire ndi tochi ya foni ina kuchokera chammbali, osati pamwamba.

Musalijambulire pachikhatho kapena pachitenje chamaluwa, chifukwa kamera imakonda kugwira mizera ya m'manja ndi maluwawo, piritsi n'kutuluka lachimbuuzi. Liikeni pa chinthu cha mtundu umodzi, monga chikuto chakuda cha buku, kapena pepala loyera ngati piritsilo ndi lofiira kapena lachikasu. Foni isayandikire kwambiri. Mafoni ambiri amalephera kuona bwino chinthu chimene chili pafupi kuposa utali wa chikhatho, choncho bwererani m'mbuyo pang'ono, dinani pamene pali piritsi pa galasi la foni, dikirani lioneke bwino, kenako jambulani. Mukatha, kulitsani chithunzicho ndi zala. Ngati inuyo simukutha kuwerenga zilembo, ifenso sitiwerenga. Zikakanika, werengani ndi maso n'kuzilemba mu uthenga monga momwe zilili, osasintha dongosolo lake, chifukwa 10 ndi 01 si chinthu chimodzi, komanso nambala 0 ndi chilembo O zimasokoneza anthu ambiri.

Pambali pa piritsi muike chinthu chimene aliyense amadziwa kukula kwake. Mtengo wa machesi umachita bwino kwambiri, chitsekerero cha botolo la zoziziritsa kukhosi nachonso chimatheka. Pa chithunzi chopanda choyerekezera, piritsi laling'ono ngati mapira ndi lalikulu lodzaza chala zimaoneka zofanana, pamene kusiyana kumeneku kumachotsa mankhwala ambiri pamndandanda wa zimene tikukayikira. Panado ya akuluakulu ya 500 mg ndi yaikulu ndithu. Metifomini wa matenda a shuga nayenso ndi wamkulu. Koma mankhwala ambiri amene amaopsa kwa mwana ngakhale atamwa limodzi kapena awiri ndi ang'onoang'ono: gilibenkilamaidi wa shuga, amitiriputilini amene ena amamwa chifukwa cha ululu wa mitsempha kapena matenda a nkhawa, mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi ndi a mtima. Makolo ambiri akaona kapiritsi kakang'ono mtima umakhala pansi, koma ife ndi pamene timatchera khutu kwambiri.

Piritsi lochokera m'kamwa mwa mwana musalitsuke kapena kulipukuta. Lijambuleni mmene lilili, lonyowa, lolumidwa kapena losungunuka theka, chifukwa zimenezi zimatiuza kuchuluka kwa zimene zapita m'mimba. Dziwaninso kuti mapiritsi ena ali ndi kachikuto kakunja kamene kamasungunuka ndi malovu. Mapiritsi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo nthawi zambiri amakhala ofiira kapena ofiirira kunja, koma mwana akawayamwa kanthawi, mtundu umatsalira palilime ndi pamilomo, m'manja mwanu n'kutsala kanthu kotuwa. N'chifukwa chake ndi bwino kuyang'ana lilime, zala ndi malaya a mwana, ndipo ngati pali mtundu wina uliwonse, mujambulenso pamenepo. Akasanza yekha, yang'anani ngati muli zidutswa za mapiritsi, muwerenge, mujambule.

Chithunzi chimene ine ndimachifuna kuposa zonse si cha piritsi ayi, koma cha kumene lachokera. Mankhwala a kuchipatala amabwera m'kajumbo kakang'ono kolembedwa dzina la mankhwala, mphamvu yake, kamwedwe kake, ndipo nthawi zina tsiku ndi chiwerengero. Ogula kufamasi kapena kugolosale amabwera m'kapaketi konyezimira kobowola, ndipo dzina limakhala kuseri. Jambulani kuseriko kuti dzina ndi nambala ya mg zioneke, kenako kumaso kuti tione mabowo angati ndi opanda kanthu. Ngati pafupi ndi dzina pali zilembo monga SR, ER, XR kapena MR, zimenezi zisadulidwe pa chithunzi. Zikutanthauza kuti mankhwalawo anapangidwa kuti azituluka pang'onopang'ono m'thupi, ndiye mwana angaoneke bwino kwa maola ambiri vuto lisanayambe, ndipo achipatala amamusunga nthawi yotalikirapo.

Nthawi zambiri piritsi limapezeka lokha pansi pa bedi kapena pamphasa, paketi osaoneka. Zikatero funsani funso limodzi: m'nyumba muno, ndi mwa oyandikana nawo kumene mwana amasewera, ndani amamwa mankhwala? Sonkhanitsani onse, a agogo, a bambo, a mlendo amene anagona dzana, otsala a malungo a chaka chatha, muwayale pamodzi n'kujambula mayina akuoneka, kenako muwatenge onse popita. Bukhu la kuchipatala la mwini mankhwala nalonso litengedwe, chifukwa zolemba pakajumbo zimafufutika koma m'bukhumo dzina limakhalamo. Apa pamafunika kulankhulana mwaulemu koma mosabisa. Alipo achibale amene amamwa mankhwala mwachinsinsi, kaya otalikitsa moyo, kaya a khunyu, kaya a matenda a maganizo, ndipo amawasunga m'botolo lina lopanda dzina kuti anthu asadziwe. Munthu wotere safunika kuulula pagulu. Atha kungouza namwino kapena dokotala pambali, ndipo zimathera pomwepo. Chomwechonso chithunzi cha paketi yokhala ndi dzina la munthu chipite kwa achipatala okha, chisamayende m'magulu a pa foni.

Tiyeni tiyerekeze ndi nkhani yofanana ndi yanu kuti muone mmene timaganizira. Mwana wa zaka 2, wolemera makilogalamu 11 malinga ndi bukhu lake la kusikelo, wapezeka cha m'ma 10 koloko m'mawa ali ndi theka la piritsi loyera m'manja, pafupi ndi chikwama cha agogo. Chithunzi choyamba chikuonetsa kapiritsi kakang'ono pambali pa mutu wa machesi, kali ndi mzera pakati. M'chikwamamo muli tijumbo titatu: panado, metifomini ndi gilibenkilamaidi wa 5 mg. Mukayala piritsi limodzi kuchokera m'kajumbo kalikonse pambali pa theka lija n'kujambula zonse pamodzi, nkhani imayamba kuoneka. Panado ndi metifomini ndi zazikulu kwambiri, sizikufanana nalo. Chotsala ndi gilibenkilamaidi, ndipo mzera ndi kukula zikugwirizana.

Likanakhala panado, piritsi limodzi la 500 mg kwa mwana wa makilogalamu 11 silikanatiopsa kwenikweni. Mlingo umene timayamba kuda nawo nkhawa za chiwindi ndi pafupifupi 150 mg pa kilogalamu iliyonse, ndiye kwa mwana ameneyu ndi 1,650 mg, kutanthauza mapiritsi atatu ndi kachidutswa. Koma gilibenkilamaidi ndi nkhani ina. Piritsi limodzi lokha limatha kutsitsa shuga wa m'magazi a mwana wamng'ono mpaka kukomoka, ndipo sizichitika nthawi yomweyo. Mwana atha kusewera masana onse, shuga n'kudzatsika madzulo kapena usiku ali mtulo, pamene aliyense akuganiza kuti wangotopa. Mwana wotere amayenera kukhala kuchipatala, kumamuyeza shuga pafupipafupi mpaka tsiku lotsatira. Kumupatsa phala kapena tiyi wa shuga kunyumba n'kumadikira sikokwanira, chifukwa mankhwalawo amakhalitsa m'thupi kuposa chakudyacho. Mapiritsi awiri oyera, koma wina angabwerere kunyumba atamuona, wina agona kuchipatala.

Kenako timawerenga. Tinene kuti pakajumbo palembedwa mapiritsi 30, limodzi patsiku, ndipo agogo anawalandira masiku 12 apitawo. Mukanayenera kutsala 18. Mwawerenga mwapeza 15, kuphatikizapo theka lija kukhala 15 ndi theka. Ndiye awiri ndi theka sakuoneka. Sesani pansi pa bedi, yang'anani m'chikwama ndi m'mphasa. Amene mwapeza muchotsere. Amene sanapezeke timawatenga ngati mwana wameza, kufikira titatsimikiza kuti sanatero. Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachiganizira. Ngati agogo analumpha masiku atatu osamwa, m'kajumbo mukanakhala 21, osati 18, ndiye osowa ndi asanu ndi theka. Choncho afunseni mofatsa, osati mowakalipira, chifukwa munthu amene akuopa kudzudzulidwa amangoti "ndimamwa tsiku lililonse", ndipo yankho limenelo lingachepetse chiwerengero chimene dokotala akufunika kudziwa. Mapiritsi otsalawo muwayale kuti aliyense aoneke payekha, osaunjikana, musanajambule.

Mapiritsi owonjezera magazi aja ndiwatchulenso, chifukwa amapezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse momwe muli mayi woyembekezera kapena wongobereka kumene, ndipo anthu amawaona ngati chakudya chabe. Ndi oterera, ofiira, ena otsekemera kunja, ndiye mwana saima pa limodzi. Piritsi lililonse la akuluakulu limakhala ndi ayironi pafupifupi 60 mg. Kwa mwana wa makilogalamu 11, anayi okha ndi okwanira kuyambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo akafika 10 kapena kuposerapo moyo uli pachiswe. Choipa chake n'chakuti mwana amasanza maola oyambirira, kenako n'kuoneka ngati wachira, pamene chiwindi chikuwonongeka. Panado wambiri nayenso amanyenga chimodzimodzi: tsiku loyamba mwana amaoneka bwino. Pa mankhwala ngati amenewa, chithunzi cha mabowo opanda kanthu pa paketi chimatiuza zambiri kuposa nkhope ya mwana.

Foni imasunga nthawi imene chithunzi chajambulidwa, ndipo zimenezi n'zothandiza chifukwa pa mantha munthu amaiwala. Koma nthawi imene timaifuna ndi iwiri: imene mwana anapezeka ndi piritsi, ndi imene munamuona komaliza alibe kanthu. Ngati anali yekha m'chipinda kuyambira 9 koloko n'kupezeka 10 koloko, timawerengera kuyambira 9. Nthawi imasintha chithandizo. Makala apadera a kuchipatala amene amagwira mankhwala m'mimba amagwira bwino ntchito mu ola loyamba, ndipo sagwira ayironi. Mankhwala oteteza chiwindi kwa amene wamwa panado wambiri amathandiza kwambiri akayambidwa maola 8 asanathe. Makala apadera aja si a pambaula, musasinje makala kunyumba.

Pansi pa zithunzi lembani uthenga waufupi: zaka za mwana, kulemera kwake, nthawi ziwiri zija, chiwerengero cha mapiritsi osowa, ndi mmene mwana akuonekera pakali pano. Potumiza pa WhatsApp, chithunzi chimachepetsedwa ndipo zilembo zazing'ono zimafufutika. Mukachitumiza ngati Document chimafika mmene chilili. Ngati m'nyumbamo muli ana awiri amene amasewera limodzi, onse apite, chifukwa ana amagawana.

Ndikudziwa kuti anthu ambiri amayamba ndi kufufuza pa intaneti kapena kufunsa m'gulu la kutchalitchi kapena la kuntchito. Sindilimbikitsa zimenezi. Malo ambiri a pa intaneti ozindikiritsa mapiritsi anakonzedwera mankhwala ogulitsidwa ku America, pamene athu ambiri amachokera ku India ndi kumafakitale ena, ndipo chilembo chimodzimodzi chingakhale pa mankhwala osiyana kotheratu. Mankhwala amodzi omwewo mwezi uno angabwere oyera ozungulira, mwezi wamawa achikasu ataliatali, malinga ndi amene wawapanga. Ndipo m'gulu simulephera kupezeka wina woti "ameneyo ndi panado, musadandaule". Ngakhale ine, ndikaona chithunzi chabwino kwambiri cha piritsi lopanda paketi, chimene ndinganene ndi chakuti likufanana ndi akutiakuti, osati kuti ndi amenewo motsimikiza. Tikalephera kulizindikira, timamusamala mwana ngati wamwa oopsa kwambiri mwa mankhwala amene ali m'nyumbamo.

Pali zinthu zina zooneka ngati mapiritsi zimene si mankhwala a anthu, ndipo chithunzi cha malo amene mwana anachitola chimathandiza kuzizindikira. Ngati anachipeza pafupi ndi matumba a chimanga, ndipo ndi chachikulu, chotuwa mobiriwira, chonunkha ngati adyo kapena nsomba yowola, chingakhale piritsi lophera anankafumbwe. Limeneli likakhudza chinyezi limatulutsa mpweya wakupha. Musalinunkhize pafupi, musalinyowetse, musaligwire ndi manja onyowa, ndipo musayende nalo m'galimoto yotseka mawindo. Jambulani chitini chake muli panja, thamangani ndi mwana. Timipira toyera tonunkha toika m'zovala kapena m'chimbudzi natonso ndi poizoni. Kabatire kozungulira konyezimira ka m'wotchi kapena m'zidole kakakodwa pakhosi kamayamba kuwotcha mkati m'maola awiri okha, choncho mukaona chidole chotseguka kabatire kulibe, jambulani malo ake opanda kanthuwo ndi nambala yolembedwa pa kabatire kanzake, ndipo musadikire zizindikiro.

M'njira musamusanzitse mwana, kaya ndi chala, kaya ndi madzi a mchere. Madzi a mchere pawokha amatha kupha mwana wamng'ono, ndipo masanzi amatha kulowa m'mapapo, makamaka ngati wayamba kuodzera. Mkaka, mafuta ophikira ndi mazira aawisi sizichotsa mankhwala m'thupi. Chotsani zimene zikuoneka m'kamwa, mumupukute ndi kansalu konyowa, ndipo ngati ali ndi tulo mumunyamule atagona chammbali, nkhope ikuoneka. Kumubereka kumbuyo atafundidwa chitenje pa njinga yamoto kumachititsa kuti musaone akasintha kapumidwe, ndiye ndi bwino akhale kutsogolo kwanu.

Mukafika, musakhale pamzere mwakachetechete. Pitani kwa namwino kapena aliyense wovala yunifolomu munene kuti mwana wameza mankhwala osadziwika nthawi yakutiyakuti, ndipo muonetse zithunzi pamodzi ndi mapaketi enieniwo. Piritsi lija likhale m'kajumbo kouma kapena m'pepala, padera ndi ena. Popeza masana mwana amatsala ndi mng'ono wanu, khalani naye pansi lero lomwe muyeserere ndi panado ndi mtengo wa machesi pakhonde mpaka zilembo zizioneka pa foni yake. Mujambuliretu mapaketi a mankhwala onse a agogo, musunge zithunzizo m'mafoni anu nonse awiri pamodzi ndi tsamba la kulemera kwa mwana, ndipo mumuuze kuti zikachitika anyamuke osadikira kuti inu muyankhe foni; mukakumana kuchipatala.